Lipoti la sikimu yathu ya mthirira, Okutobala 2024

Kwa a gulupu, alangizi athu a zaulimi ndi mamembala nonse,

Madzi ayambanso kufika m'minda yakumtunda. Ngalande yaikulu ija, imene Namondwe Freddy anaikwirira ndi mchenga mu Malichi 2023, tsopano ikuyenda kuchokera pa pampu mpaka pa mlambe. Anaifukula ndi mabanja 46 a sikimu ino, ndi makasu ndi mafosholo, akulawirira m'mamawa dzuwa lathu la kuno kuchigwa lisanakalipe. Palibe amene analandira ngakhale tambala.

Koma zomwe tinalonjeza sitinazikwanitse zonse. Tinati chaka chino tithirira mahekitala 12, tathirira 7. Kumunsi, cha kufupi ndi Shire, mchenga ukufika m'chiuno, ndipo khasu silingathe ntchito imeneyo. Kukufunika makina, omwe ndalama yake tilibe.

Chotipweteka kwambiri chinali pampu ya sola. Inaima masabata atatu mu Ogasiti, chimanga chikumasula ngayaye, chifukwa chipangizo chomwe tinaitanitsa ku Blantyre chinachedwa. Mabanja 9 akumapeto kwa ngalande sanakolole kanthu. Ena mwa iwo ndi omwe anagwira ntchito yofukula kuposa tonse, ndipo komiti ikumva nawo ululu. Tagwirizana kuti asapereke ndalama ya madzi ulendo ukubwerawu, komanso akhale oyamba kulandira mbewu. Ntchemberezandonda nazo zinaononga, makamaka m'minda yodzalidwa mochedwa.

Thumba lathu ndi lopepuka. Chilala cha El Niño chitapsereza mapira ndi chimanga cha dzinja, ambiri anapita kukasaka ganyu ku Nchalo ndi ku Bangula, choncho theka la mamembala silinamalize zopereka. Sitikuwadzudzula, njala tonse tikuidziwa.

Nanga chikutilimbitsa mtima n'chiyani? Mbatata ndi nyemba zinapirira masabata atatu aja, ndipo amayi akuzigulitsa kale pamsika. Tsopano tadziwa mbewu zoyenera kuika kumapeto kwa ngalande, kumene madzi amafika mochedwa. Mbewu ya mbatata ilipo yokwanira banja lililonse, sitigulanso. Anyamata athu awiri anaima pambali pa mmisiri pamene ankakonza pampu, ndipo mwezi watha, itavutanso pang'ono, anaidzutsa okha tsiku lomwelo.

Mvula isanagwe tikufuna kudzala udzu wa vetiva m'mphepete mwa ngalande kuti mchenga usabwerere, komanso kukweza mapanelo a sola pamalo poti madzi osefukira sangawafike. Ziwirizi tikhoza kuzichita ndi manja athu. Za makina okumbira kumunsi, a gulupu, tikupempha kuti mutiperekeze ku khonsolo ya Nsanje ndi kalata yathu.

Tikumane Loweruka likubwerali pa mlambe, 6 koloko m'mawa. Aliyense abwere ndi khasu, ndipo buku la ndalama lidzakhala lotsekula kwa wofuna kuliona.

Ndine wanu,
Mlembi wa komiti ya sikimu