Pempho Loonjezera Masiku Olipirira Katundu wa Pangongole

Kupita kwa: Bambo Mwale, mkulu wa zamalonda, Kanengo
Kuchokera kwa: Mayi Chisale, sitolo ya zipangizo zomangira, Mponela
Tsiku: Lolemba, 10 Malichi 2025
Mutu: Akaunti 0417, pempho lokweza masiku olipirira kuchoka pa 30 kufika pa 60

Bambo Mwale,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko. Kuno ku Mponela tili bwino, mvula yokha ndiyo ikutichedwetsako kutsitsa simenti.

Pa 24 Febuluwale ndinakutumizirani imelo yaifupi yopempha kuti mutionjezere masiku olipirira. Pa foni munandiuza kuti a ku ofesi yowerengera ndalama sangagamule nkhani yotere popanda manambala m'manja. Ndiye ndailembanso, ndipo ndikupempha kuti ino ilowe m'malo mwa yoyamba ija, ikhale imene mupite nayo kwa akuluakulu anu.

Pempho lathu ndi ili: katundu amene amachedwa kutuluka m'sitolo, ndiye kuti malata, penti, mapaipi, zitsulo ndi mafelemu a zitseko ndi mawindo, tizilipira pakatha masiku 60 m'malo mwa 30. Simenti ndi misomali zikhale pa masiku 30 monga zilili. Malire a ngongole yathu, omwe ndi K25 miliyoni, sitikupempha kuti muwakweze.

Ndiyambe ndi mmene takhala tikulipirira, popeza pempho lonseli latsamira pamenepo.

Kuyambira Januwale 2022 mpaka Disembala 2024 mwatilembera mainvoisi 98, okwana K311 miliyoni onse pamodzi. Mu 2022 analipo 26, a ndalama zokwana K61 miliyoni. Mu 2023 analipo 33, a K98 miliyoni. Chaka chathachi anafika 39, a K152 miliyoni. Ndikudziwa kuti mbali ina ya kukwera kumeneku yabwera chifukwa mitengo inakwera, koma mukayang'ana kuchuluka kwa malole amene anatuluka pageti panu kubwera kuno, muona kuti katundu yemwe wachulukanso. Pa mainvoisi 98 amenewa, 95 tinawalipira pa tsiku lake kapena lisanafike. Palibe cheke yathu ndi imodzi yomwe imene inabwezedwa ku banki. Lero lino invoisi iliyonse imene tsiku lake linakwana ndi yolipidwa.

Atatu otsalawo ndiwafotokoze ndekha, musachite kuwapeza m'mabuku. Yoyamba tsiku lake linagwera pa 3 Malichi 2023, lomwe ndi tsiku la tchuthi lokumbukira anthu ofera dziko, ndipo linali Lachisanu. Ndalama zinalowa kwa inu Lolemba pa 6. Yachiwiri ndi ya mu Okutobala chaka chomwecho: ife tinatumiza pa tsiku lake, koma popeza mabanki athu ndi osiyana, zinaoneka mu akaunti yanu patapita masiku awiri. Chikalata cha ku banki chosonyeza tsiku limene tinatumiza ndachiphatikiza. Yachitatu ndi ya mu Juni 2024, pamene lole inafika malata 40 a mamita atatu akuperewera. Dalaivala wanu anasayinira kuperewerako, tinagwirizana kuti tidikire invoisi yokonzedwa, ndipo itangofika tinalipira tsiku lomwelo. Buku likuonetsa ngati tinachedwa masiku 6, koma amene anali pa ofesi nthawi imeneyo akukumbukira mmene zinayendera.

Pali mwezi umodzi umene ndikufuna a ku ofesi yowerengera ndalama auyang'anitsitse, Novembala 2023. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, tinali ndi mainvoisi anu atatu osalipira, okwana K11.6 miliyoni, olembedwa pa mitengo yakale. Aliyense wa malonda anaona kuti ndalama zimenezo zikadapindula kwambiri kukasesa katundu kwa amene anali asanasinthe mitengo, ngongole n'kuikankhira kutsogolo. Ife tinalipira onse atatu mkati mwa sabata imodzi, awiri mwa iwo masiku awo asanakwane, chifukwa tinadziwa kuti inunso mukufunika kulipira amene amakupatsani katundu. Mu Meyi 2022, kwacha itagwa ndi 25 peresenti, tinachita chimodzimodzi. Miyezi imene zinthu zili bwino aliyense amalipira. Ndikupempha kuti mutiyese ndi miyezi iwiri imeneyi.

Tsopano chifukwa chimene masiku 30 akutithinira.

Pamene tinkayamba kugula kwa inu, makasitomala athu ambiri anali a pakauntala. Munthu wagulitsa fodya wake kapena soya, wabwera ndi ngolo, wagula malata 24 ndi matumba angapo a simenti, walipira pompo. Anthu amenewa akadalipo, ndipo msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo amatidzadzira m'sitolo mpaka Ogasiti. Koma zaka ziwiri zapitazi tapeza makasitomala a mtundu wina: makomiti a sukulu amene akumanga zipinda zophunziriramo, mipingo, ndi makontilakita ang'onoang'ono atatu ogwira ntchito m'boma la Dowa ndi la Ntchisi. Awa amatenga katundu wambiri, ndipo amalipira ndithu, koma mwa dongosolo lawo. Komiti ya sukulu imafunika kukhala pansi, osayinira cheke apezeke onse. Kontilakita amadikira kuti gawo la ntchito liyenderedwe kaye asanalandire. Zonsezi zimatenga masiku 40 mpaka 50 kuchokera tsiku limene atenga katundu, ndipo katunduyo amakhala atagona kale m'nyumba mwathu sabata imodzi kapena ziwiri. Choncho invoisi yanu imakwana ife tisanalandire ngakhale tambala pa malata amenewo.

Mpaka pano mpata umenewu takhala tikuutseka ndi ndalama za pakauntala, n'chifukwa chake simunaone kuchedwa. Chimene simunaone china ndi oda imene tinaisiya. Mu Seputembala chaka chatha tinakana oda ya malata 600 ndi zitsulo zake ya tchalitchi china cha kuno, osati chifukwa chowakayikira, koma chifukwa invoisi yanu ikanatipeza tisanalandire. Anakagula ku Lilongwe, kwa ena. Ngongole ya ku banki tinaiganizirapo, koma chiwongoladzanja cha masiku ano chikhoza kudya phindu lonse la pa malata, lomwe inu mukudziwa kuchepa kwake.

Simenti ndaisiya dala pa masiku 30. Imatuluka msanga, ambiri amagula pakeshi, ndipo si katundu woti munthu aziunjika, maka nyengo ya chinyezi ngati ino. Kupempha masiku 60 pa simenti kukanakhala kungofuna kusunga ndalama zanu m'thumba mwathu, ndipo si cholinga chathu. Katundu amene ndikupemphera masiku oonjezera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene timagula kwa inu. Ngongole yathu sinapitirirepo K19 miliyoni nthawi imodzi. Tawerengera kuti ndi dongosolo latsopanoli tikhoza kuyandikira malire a K25 miliyoni mu Julayi ndi Ogasiti mokha. Tikafika pamenepo, tiziyamba talipira kaye musanapakize lole ina.

Ndikudziwa chimene a ku ofesi yowerengera ndalama adzafunse poyamba: nanga kwacha ikagwanso mkati mwa masiku 60 amenewo, aluza ndani? Funsoli ndi loona, popeza zambiri mwa zimenezi mumaitanitsa kunja kapena zimapangidwa ndi zipangizo zakunja. Ndiye tilembe m'pangano kuti ngati Banki Yaikulu italengeza kutsitsa mphamvu ya kwacha, invoisi iliyonse imene yapyola masiku 30 tiilipira mkati mwa masiku asanu ogwira ntchito, osadikira kuti 60 akwane. N'zimene tinachita mu 2023 popanda wotiuza, ndiye kuzilemba sikutivuta.

Kuonjezera apo, ndife okonzeka kusiya cheke cholemberatu tsiku la kutsogolo pa invoisi iliyonse ya masiku 60, dalaivala wanu azibwerera nacho akatsitsa katundu. Tizikutumiziraninso, pofika pa 25 mwezi uliwonse, mndandanda wa katundu amene tidzafune mwezi wotsatira, kuti musamadzidzimuke ndi oda zathu za mwadzidzidzi ngati zija za mu Julayi. Ndipo ngati invoisi ina itachedwa kupyola masiku atatu popanda kugwirizana nanu, mutibwezere pa masiku 30 osachita kukambirana.

Ngati akuluakulu anu aona kuti kudumpha kuchoka pa 30 kufika pa 60 kwachuluka, tiyambe ndi masiku 45 kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 30 Juni. Mukakhutira ndi mmene talipirira miyezi itatu imeneyo, masiku 60 ayambe pa 1 Julayi. Masiku 45 sakwanira kwenikweni pa makontilakita aja, koma atithandiza kulandira oda za masukulu ndi mipingo, ndipo inu mudzakhala mutaona ndi maso anu.

Phindu lake kwa inu ndi lotani? Panopa penti ndi mapaipi ena timagula kwina pakeshi, pang'onopang'ono, pamene ndalama zapezeka. Mukatipatsa masiku amenewa tizitengera zonse kwa inu pa lole imodzi. Pophatikiza ndi oda zimene takhala tikukana, tikuyembekeza kuti kugula kwathu kukwera ndi K35 miliyoni kapena kuposerapo chaka chino. Nambala imeneyi sindikuilonjeza ngati lumbiro, chifukwa zimadaliranso mmene fodya agulidwire, koma oda ziwiri zili kale patebulo panga, ndipo zikungodikira yankho lanu. Ina ndi ya zipinda zinayi za sukulu ya pulayimale, ndipo eni ake akufuna kumva kwa ife pofika kumapeto kwa mwezi uno.

Ndaphatikiza mndandanda wa mainvoisi onse 98, wosonyeza tsiku lolembedwa, tsiku loyenera kulipira ndi tsiku limene ndalama zinatuluka kwathu, pamodzi ndi masitetimenti a ku banki a miyezi 12 yapitayi. Mulinso kalata yochokera kwa amene amatipatsa matabwa, amene takhala nawo pa masiku 45 kuyambira 2023, ndipo avomera kuti muwaimbire foni mukafuna. Chonde a ku ofesi yanu afananitse mndandandawu ndi buku lanu. Pakapezeka kusiyana pa tsiku kapena ndalama, andiuze tikonze tisanakumane.

Lachinayi pa 20 Malichi ndidzakhala ku Kanengo m'mawa. Ngati mungapezeke cha m'ma 10 koloko, ndingakonde kudzakhala nanu pansi pamodzi ndi a ku ofesi yowerengera ndalama, ndipo ndidzanyamula mabuku athu. Tsikuli likakhala kuti silikukuyenererani, nditchulireni lina sabata yomweyo ndibwera. Ndingayamike nditalandira yankho pofika pa 28 Malichi, kuti a komiti ya sukulu ija ndiwayankhe nthawi isanathe.

Zikomo kwambiri chifukwa cha mmene mwatisungira zaka zitatu zimenezi. Mupereke moni kwa anyamata a ku nyumba yosungira katundu.

Ine wanu,

Mayi E. Chisale
Mwini sitolo, Mponela
Akaunti 0417