Ntchito ya m'labu: kodi mavoliti onse a batire apezeka?

Gulu lililonse litenge batire la 12 V, mita imodzi yoyezera magetsi, mawaya a timano, ndi marezisita atatu: 100 Ω, 220 Ω ndi 330 Ω. Ya 220 ili ndi mizere iwiri yofiira, ya 330 iwiri yaolenji. Lumikizani motsatana ngati mikanda pa ulusi, kuchokera ku + ya batire mpaka kubwerera ku −, kuti magetsi akhale ndi njira imodzi yokha.

Musanakhudze mita, masamu kaye. Lembani izi m'kope:

```
R = 100 + 220 + 330 = 650 Ω
I = 12 / 650 = 18.46 mA
V = I × R: 1.85 V, 4.06 V, 6.09 V
```

Yambani ndi karenti. Waya wakuda wa mita ukhale pa COM, wofiira pa mA, ndipo mutembenuze mita pa mA ya DC. Masulani waya mmodzi wa seketi, mita ilowe pampatapo. Yezani pafupi ndi batire, kenako pakati pa 100 ndi 220, kenakonso pakati pa 220 ndi 330. Nambala ikhale yomweyo ponseponse, chifukwa rezisita siidya karenti.

Tsopano chotsani waya wofiira pa mA, muulowetse pa V, ndipo mutembenuze mita pa mavoliti a DC. Chonde, musaiwale! Temu yathayi fyuzi zinayi zidapsa chifukwa cha anthu oyeza batire waya ukadali pa mA, ndipo ndalama yogulira zina ndilibe.

Bwezeretsani seketi, muyeze mbali ndi mbali pa rezisita iliyonse, osamasula kanthu. Batire nalonso muliyeze likadali lolumikizidwa. Musangokopera 12 V yolembedwa pachikombole: lodzaza bwino limapitirira 12, lotopa limatsika likasenza katundu.

Phatikizani manambala atatu aja, muyerekeze ndi ya batire. Limeneli ndiye lamulo la Kirchhoff la mavoliti. Apa ambiri mumasokonezeka. Mzere wagolide umatanthauza kuti rezisita ikhoza kuphonya ndi 5%, ndiye ya 330 ikhoza kukhala 320 kapena 340, ndipo mavoliti ake sangafanane ndendende ndi masamu anu. Palibe vuto. Koma chiphatikizo chilibe chowiringula chimenecho: ina ikatenga ochepa, zinzake zimatenga ochuluka. Batire likaonetsa 12.3 V, zitatuzo zipereke 12.3 V, kapena ziphonye pang'ono chabe pa nambala yomaliza.

Mukapeza kuti voliti yathunthu yasowa, musakonze manambala ndi labala. Isakeni. Ikani mita pa cholumikizira chilichonse. Timano ta dzimbiri nato timatenga gawo lake. Marezisita onse akaonetsa 0 pomwe batire lili bwinobwino, seketi yaduka penapake, ndipo mavoliti onse muwapeza pomwe padukapo.

Makope afike pa tebulo langa Lachinayi belu la nkhomaliro lisanalire, masamu mbali ina, zoyeza mbali ina. Mabatire muwamasule musanatuluke.