Mgwirizano wa Ntchito Yophoda Mkwatibwi ndi Aperekezi Ake

Mgwirizanowu tapangana lero Loweruka, pa 8 Ogasiti 2026, kuno ku Kasungu boma, pakati pa ine Tamandani Mwale, wophoda akwatibwi, ndi inu a Chisomo Nkhoma a ku Mtunthama, amene muli mkwatibwi. Paliponse pamene palembedwa kuti "ine" pakunenedwa Tamandani, ndipo "inu" ndi a Chisomo. Zonse zimene tinakambirana pafoni ndi pa WhatsApp zalowa m'pepala lino. Chimene sichinalembedwe muno sitinapangane.

1. Tsiku, malo ndi nthawi

Ukwati udzakhala Loweruka pa 17 Okutobala 2026. Mudzadalitsidwa 9 koloko m'mawa kutchalitchi cha kwanu ku Mtunthama, ndipo madyerero adzayamba 1 koloko masana muholo imene komiti yanu yapeza ku Kasungu boma. Kuphoda kudzachitikira kunyumba kwa azakhali anu ku Mtunthama, kumene mudzagone usiku wa Lachisanu.

Ine ndi wondithandiza mmodzi tidzafika 4:30 m'mbandakucha, n'kuyamba ntchito 5 koloko. Wondithandizayo adzaphoda aperekezi asanu, ine ndidzaphoda mperekezi mmodzi ndi amayi awiri, kenako inu. Munthu aliyense amatenga mphindi 35, koma inu ndidzakhala nanu kuyambira 7 koloko mpaka 8:15. Ndakuikani kumapeto dala. Okutobala kumatentha dzuwa likangotuluka, ndipo sindifuna kuti nkhope yanu idzakhale maola anayi m'thukuta musanalowe m'tchalitchi.

Aliyense adzakhale atasamba, tsitsi atakonzetsa dzulo lake, ndipo kumaso asadzole mafuta alionse. Wodzafika nthawi yake itadutsa ndidzamuphoda mwachidule ngati mpata ulipo, koma nthawi ya mkwatibwi sindidzaidula chifukwa cha mperekezi wochedwa, ndipo ndalama ya wochedwayo sibwezedwa.

Mudzatikonzere chipinda cha windo lalikulu, tebulo, mipando iwiri yayitaliko, ndi beseni la madzi. Nyali zotchaja ndidzabwera nazo ndekha kuti magetsi akadzazima ntchito isaime. M'chipindamo muzidzalowa amene akuphodedwa komanso wojambula zithunzi basi.

2. Anthu ophodedwa ndi mitengo yake

Mkwatibwi: K120,000. Mtengowu ukuphatikizapo tsiku loyeserera, nsidze zomata, ndi kukonzanso nkhope musanalowe muholo.
Aperekezi asanu ndi mmodzi, aliyense K25,000: K150,000.
Amayi anu ndi apongozi anu, aliyense K20,000: K40,000.
Mayendedwe: K60,000.
Zonse pamodzi: K370,000.

Ntchito yanga ndi ya nkhope yokha. Tsitsi, zikhadabo ndi kuvalitsa velo si zanga.

3. Kuyeserera ndi za khungu

Mudzabwera kusaluni kwanga ku Kasungu boma Lachitatu pa 30 Sepitembala 2026, 10 koloko m'mawa. Tsikulo tidzasankha faundeshoni yofanana ndi khungu lanu, tikuyang'anira panja pa dzuwa osati pagalasi lam'nyumba, chifukwa nkhope yoyera pa khosi lakuda imaonekera pa chithunzi chilichonse. Tidzasankhanso lipisitiki, kakhalidwe ka nsidze ndi mtundu wa pazikope. Tikamaliza ndidzakujambulani, ndipo chithunzicho ndicho tidzatsate pa tsiku la ukwati. Mukadzafuna kusintha pang'ono, monga mtundu wa pamilomo, palibe vuto. Koma kusintha nkhope yonse m'mawa wa ukwati chifukwa mnzanu waona china pafoni, chimenecho ndidzakana, popeza nthawi yoyesa zatsopano sidzakhalapo.

Mwandiuza lero kuti sopo wina wonunkhira amakutulutsani ziwengo m'masaya. Chifukwa cha ichi, pa tsiku loyeserera ndidzayamba ndakupakani pang'ono kuseri kwa khutu zinthu zonse zimene ndikufuna kugwiritsa ntchito, pamodzi ndi guluu wa nsidze. Mukadzamva kuyabwa kapena kuona kutupa pa masiku awiri otsatira, mudzandiuze msanga kuti ndipeze zina. Aperekezi anu muwafunse ngati ali ndi vuto lotere, mundiuze pasanafike pa 9 Okutobala.

Ndikukupemphani ndi mtima wonse: kuyambira lero musayambe kudzola mafuta atsopano, makamaka aja oyeretsa khungu, ndipo musafinye ziphuphu sabata ya ukwati. Ndinaphodapo mkwatibwi amene khungu linali likusupuka pamphuno ndi pachibwano chifukwa cha mafuta amene anayamba kutatsala milungu itatu. Paudala ankangokhala zigambazigamba, ndipo mwana wa eni ake analira atavala kale diresi. Khungu likadzaonongeka mwa njira imeneyi ndidzachita zimene ndingathe, koma mlandu sudzakhala wanga. Kumbali yanga, ndikulonjeza maburashi ochapa, siponji yatsopano ya inu nokha, ndi zodzola zosapitirira nthawi yake.

4. Mayendedwe

Nthawi imene tikuyenera kunyamuka minibasi zimakhala zisanayambe kuyenda, ndipo mabokosi anga a zodzola sangakwere njinga yamoto. Choncho ndidzachita hayala galimoto yotichotsa ku Kasungu boma 3:30 usiku. K60,000 ija ndi ya galimoto imeneyi. Pobwerera, komiti yanu idzatisungira malo a anthu awiri ndi mabokosi awiri m'galimoto imodzi ya pamdipiti, yotsatana ndi ya mkwatibwi, osati lole ya achinyamata oimba. Tikapanda kupatsidwa malowo, mudzawonjezera K40,000 yoti tibwerere.

Mtengo wa mafuta agalimoto ukakwera tsiku la ukwati lisanafike, ndipo mwini galimoto akakweza hayala, ndidzakuonetsani uthenga wake ndipo chowonjezekacho tidzagawana pakati. Mafuta akasowa moti galimoto yam'mbandakucha n'kukhala yosadalirika, ndidzabwera Lachisanu madzulo, ndipo inu mudzatipatsa chipinda chokhoma, neti ndi chakudya chamadzulo. Zikatero ndidzakubwezerani K30,000 pa ndalama ya mayendedwe. Ndili bwino kugona pamphasa kwa azakhali anu kusiyana n'kuti mundidikire mpaka 8 koloko.

Ndikadzachedwa ndi nthawi yoposa ola limodzi pa chifukwa cha ine mwini, ndidzachotsa K30,000 pa mtengo wonse.

5. Dipoziti ndi ndalama yotsala

Lero mwapereka dipoziti ya K150,000 kudzera pa Airtel Money, ndipo tonse awiri tauona uthenga wotsimikiza. Kuyambira pano tsiku la 17 Okutobala ndi lanu. Wina aliyense wodzafuna tsikuli ndidzamubweza, ngakhale atabwera ndi ndalama zambiri.

Yotsala ndi K220,000, ndipo idzaperekedwe yonse pofika Lachisanu pa 9 Okutobala 2026, pa Airtel Money, pa Mpamba, kapena pamanja n'kulemberana lisiti. Ndalama yotapira ndi ya wotumiza. Sindidikira perekaniperekani. Ndalama za m'mbale zili ndi eni ake ambiri: wa keke, wa zokuzira mawu, wa matenti, ndipo sikoyenera kuti ine ndizikazungulira kuseri kwa holo kufunafuna msungichuma inu mukuvina. Ikafika pa 12 Okutobala ndalamayi isanamalizidwe ndipo simunandiuze kanthu, ndidzatenga kuti ntchito mwaisiya, ndipo dipoziti sidzabwezedwa.

Amene ndapangana naye ndi inu. Kaya ndalama ichokera kwa akwati, kwa komiti kapena kwa aperekezi eni ake, wosonkhanitsa n'kundipatsa ndi inu. Sindidzalondola mperekezi mmodzimmodzi.

6. Kusintha

Kusintha kulikonse kulembedwe pa WhatsApp kuchokera pa nambala yanu, ndipo kudzagwira ntchito ine ndikayankha kuti ndavomera. Uthenga wa apampando a komiti, wa alamu kapena wa mperekezi wamkulu ndidzaulandira mwaulemu, koma sindidzautsata mpaka mutautsimikiza inu.

Kuchepetsa anthu n'kotheka mpaka pa 3 Okutobala, ndipo mtengo wa wochotsedwayo udzachoka pa ndalama yotsala. Pambuyo pake mtengo sutsika, chifukwa nsidze ndi zodzola za aliyense ndidzakhala nditagula kale ku Lilongwe. Wowonjezera alipira K25,000, mutandiuza pofika pa 9 Okutobala. Achibale odzatulukira m'mawa wa ukwati n'kumati "tangondipakani pang'ono" adzathandizidwa inu mukatha, ngati nthawi ilipo, atalipira K30,000 pompopompo.

Malo ophodera akasintha kupita kunja kwa Mtunthama kapena Kasungu boma, monga ku Chamama kapena ku Santhe, tidzawerengeranso mayendedwe.

Mukasuntha tsiku la ukwati n'kundiuza pofika pa 17 Sepitembala, dipoziti yonse idzasamukira ku tsiku latsopanolo, bola ndikhale wopanda ntchito ina tsikulo. Likakhala lotengedwa kale, ndidzakubwezerani K100,000. Kusuntha pambuyo pa 17 Sepitembala kudzawonjezera K30,000 pa mtengo.

Maliro ndi matenda ndawaika padera. Pakagwa zovuta za kholo, m'bale wa bere limodzi, agogo kapena mwana, kumbali yanu kapena ya akwati, kapenanso mmodzi wa inu awiri akagonekedwa m'chipatala, simudzalipira kalikonse chifukwa chosuntha, ngakhale mutandiuza Lachisanu usiku. Ndalama zanu zonse ndidzazisunga kwa miyezi 12 kudikira tsiku lina, kupatula ya galimoto ngati mwini wake walipidwa kale. Musadzavutike kundifotokozera zambiri pa nthawi yotere. Uthenga umodzi wochokera kwa inu kapena kwa ankhoswe ndi wokwanira.

7. Kuthetsa mgwirizano

Mukathetsa pofika pa 17 Sepitembala, ndidzabweza K75,000. Mukathetsa pambuyo pake, dipoziti sibwezedwa, popeza tsikulo ndidzakhala nditakanira anthu ena, koma ndalama ina iliyonse imene mwapereka pamwamba pa dipoziti ndidzabweza pasanathe masiku 7.

Ine ndikalephera kubwera chifukwa cha matenda kapena maliro, ndidzakupezerani wophoda wina amene ntchito yake mudzaiona n'kuivomera, pa mtengo womwewu, ndipo ndidzamupatsa chithunzi cha tsiku loyeserera. Mukapanda kumufuna, ndalama zanu zonse, dipoziti yomwe, ndidzabweza pasanathe masiku atatu.

8. Zithunzi ndi kusamvana

Mwandilola kuika zithunzi zitatu za nkhope yanu pa tsamba langa la Facebook madyerero akatha, popanda kutchula dzina lanu. Zithunzi za musanaphodedwe mwakana, ndipo sindidzaziika. Za aperekezi ndidzapempha eni ake.

Pakabuka kusamvana, tidzayamba takhala pansi ndi mboni ziwiri zasaina pansipa pasanathe masiku 14, ndipo panthawiyo palibe wodzalemba za mnzake pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Zikakanika pamenepo, aliyense ali ndi ufulu wopita kukhoti la majisitireti ku Kasungu.

Tawerenga mokweza pamaso pa mboni, tamvana, ndipo aliyense watenga pepala lake losainidwa.

Wasaina wophoda: Tamandani Mwale, 8 Ogasiti 2026
Wasaina mkwatibwi: Chisomo Nkhoma, 8 Ogasiti 2026
Mboni ya wophoda: Mphatso Zimba, wothandiza pa ntchitoyi
Mboni ya mkwatibwi: Mayi Esinati Nkhoma, azakhali a mkwatibwi