KHADI LOSANKHIRA ODWALA: POLANDIRIRA MATENDA ADZIDZIDZI

Pano sititsata amene wafika poyamba. Timayamba ndi amene moyo wake uli pachiswe. Muoneni wodwala aliyense akangofika, musanafunse dzina kapena buku la kuchipatala.

CHOFIIRA: alowe pompano, itanani dokotala

Chizindikiro chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira:

Wakomoka, sakuyankha, kapena akugwedezeka ngati wakhunyu. Muyezeni shuga nthawi yomweyo.
Akubanika kwambiri, watsamwa, akulira pakhosi popuma, kapena milomo ndi lilime zada.
Akutaya magazi ambiri. Panikizani pabala uku mukuitana anzanu.
Manja ndi ozizira, ndipo mukafinya chikhadabo n'kusiya, kufiira kwake kukutenga masekondi oposa 3 kuti kubwerere.
Munthu wamkulu amene mtima wake ukugunda kosakwana 50 kapena kupitirira 150 pa mphindi.
Walumidwa ndi njoka, wamwa poizoni, wapsa malo aakulu, kapena wavulala koopsa. Ngati mukukayikira khosi, musamutembenuze mutu.
Mwana wotsegula m'mimba amene wafooka, maso alowa, ndipo khungu la pamimba mukalitsina likuchedwa kubwerera.
Khanda losakwana masiku 8, ngakhale likuoneka bwino.

Mayi woyembekezera musamuchedwetse ndi mafunso. Ngati akutaya magazi, matenda ayamba, mutu ukumuwawa kwambiri, akuona zachimbuuzi, kapena BP yafika 160 pamwamba kapena 110 pansi, ameneyo ndi wofiira.

CHACHIKASU: kutsogolo kwa mzere, aonedwe msanga

Kusanza kosalekeza, ululu waukulu, fupa lothyoka, zikhatho zoyera mbee, kulephera kukodza, wogwiriridwa, mwana wowonda kwambiri kapena wotupa mapazi onse awiri, komanso wotumizidwa mwachangu kuchokera kuchipatala china. Wogwiriridwa mukhazikeni poduka mphepo, asafotokoze nkhani yake pagulu.

CHOBIRIWIRA: angathe kudikira

Palibe chizindikiro cha pamwambapa. Koma musanamupatse mtundu umenewu, muyezeni. Ngati SpO2, muyezo wa mpweya wa m'magazi, ili pansi pa 92%, kutentha kwa thupi kuli pansi pa 36 kapena kupitirira 39, kapena wamkulu akupuma kosakwana 10 kapena kupitirira 30 pa mphindi, mupatseni mtundu woopsa kuposa wobiriwira ndipo dokotala amuone. Wobiriwira muuzeni mwaulemu chifukwa chimene ena akumupitirira.

Chonde, samalani ndi wodwala amene wangoti phee. Wofuula amaoneka msanga, koma mwana amene wasiya kulira ali kumbuyo kwa mayi ake, kapena agogo amene akuoneka ngati akusinza pabenchi, nthawi zina ndi amene akutha. Mwana wobelekedwa mutsitseni mumuone nkhope ndi chifuwa.

Wotsokomola yemwe watentha thupi, kapena amene ali ndi zidzolo, mupatseni masiki ndipo akhale padera.

Lembani mtundu ndi nthawi imene wafika. Yendani pamzere pafupipafupi, poti wobiriwira angasanduke wofiira ali pomwepo. Mukakayikira pakati pa mitundu iwiri, sankhani woopsawo.