Kalata ya malangizo kwa mlembi watsopano wa zachuma: zobisika m'fayilo ya zogula mbewu

Bambo mlembi, fayilo ya Excel imene mwalandira sabata ino yadutsa m'manja mwa alembi atatu musanafike inu, ndipo aliyense mwa iwo anabisamo zinthu pa zifukwa zake popanda kulemba paliponse kuti wabisa chiyani. Dzulo munandiuza kuti mukaphatikiza ndi kakyuleta makilogalamu a soya amene akuoneka pa tsamba la Zogula mukupeza 17,200, pamene fomula ya pansi ikuonetsa 18,450. Fomulayo siyinalakwitse ayi. Makilogalamu 1,250 amene akusiyanawo ali m'mizere yomwe maso anu sakuiona, ndipo ndakulemberani izi kuti mudziwe kubisa, kubweza zobisidwa, komanso kufufuza nokha fayilo iliyonse imene mwasiyiridwa. M'kalatayi ndikamati mzere ndikunena wopingasa, wokhala ndi nambala kumanzere, ndipo ndikamati kolamu ndikunena wotsika, wokhala ndi chilembo pamwamba.

Musanakhudze chilichonse, sungani kope lina la fayiloyi pogwiritsa ntchito Save As, ndipo kufufuza konse muchitire pa kopelo. Chifukwa chake n'chakuti mukangobweza zonse nthawi imodzi, umboni wa zimene zinali zobisika umatha, ndipo wowerengera mabuku akadzafunsa kuti mzere wakutiwakuti unali poyera kapena ayi, mudzasowa choyankha.

Kubisa kwenikweniko si ntchito yovuta. Dinani nambala ya mzere kapena chilembo cha kolamu, kenako dinani batani lakumanja la mausi n'kusankha Hide. Pa kiyibodi, Ctrl+9 imabisa mizere ndipo Ctrl+0 imabisa makolamu. Pofuna kubweza, sankhani mizere iwiri imene yazinga malo obisikawo, wam'mwamba ndi wam'munsi pamodzi, n'kusankha Unhide pa batani lakumanja lomwe lija, kapena dinani Ctrl+Shift+9. Pa makolamu pali Ctrl+Shift+0, koma pa makompyuta ambiri a Windows siigwira ntchito chifukwa mabatani omwewo anapatsidwa kale ntchito yosintha kalembedwe ka kiyibodi, choncho musataye nayo nthawi; pitani ku Home, kenako Format, kenako Hide & Unhide, n'kusankha Unhide Columns.

Pamene anthu ambiri amakodwa ndi pa kolamu A ndi mzere 1, chifukwa palibe choyandikana nacho cha kumanzere kapena cha pamwamba choti musankhe. Njira yake ndi kulemba A1 m'kabokosi kotchedwa Name Box, kamene kali kumanzere kwa malo olembapo fomula, n'kudina Enter, ndipo ngakhale simuona chilichonse chitasintha, malo obisikawo amakhala atasankhidwa moti Unhide Columns kapena Unhide Rows ya pansi pa Format iwabweza. Njira ina ndi kudina kachizindikiro ka makona atatu kamene kali pamene manambala a mizere akumana ndi zilembo za makolamu, komwe kamasankha tsamba lonse.

Tsopano tsegulani tsamba la Zogula n'kuwerenga manambala a kumanzere mmodzimmodzi, monga momwe mumawerengera matumba pa sikelo. Muona kuti pambuyo pa 40 pakubwera 47, ndipo pakati pawo pali kamzere kowirikiza kamene munthu wothamanga sangakaone. Mizere isanu ndi umodzi imeneyo ndi ya soya amene tinabweza kwa alimi chifukwa anali asanaume bwino. Mlembi wakale anaibisa poganiza kuti chobisidwa sichiwerengedwa, koma SUM imaphatikiza chilichonse chimene chili m'dera lomwe yapatsidwa, chooneka ndi chosaoneka chomwe. Kuti mutsimikize zimenezi, lembani fomula iyi m'kabokosi kopanda kanthu, kunja kwa mizere imene mukuifufuza:

```
=SUM(E5:E212)-SUBTOTAL(109,E5:E212)
```

Yankho likhala 1,250. Nambala 109 imauza SUBTOTAL kuti isiye mizere yonse yobisika, pamene nambala 9 imasiya yokhayo imene yachotsedwa ndi Filter n'kuwerengabe yobisidwa pamanja. Dziwaninso kuti kusiyanitsa kumeneku kumagwira pa mizere yokha. Kolamu yobisika imawerengedwabe mukaphatikiza mopingasa, ngakhale mutagwiritsa ntchito 109. Pa tsamba lomwelo zilembo za pamwamba zikudumpha kuchokera pa F kufika pa I, ndipo makolamu G ndi H ali ndi manambala a foni ndi ngongole za feteleza za alimi. Amenewo anabisidwa mwadala posindikiza mndandanda wokhoma pa bolodi la ofesi, ndipo pa pepala kubisako kunathandizadi.

Nthawi zina mudzadina Unhide koma palibe chimene chidzabwere, ndipo apa m'pofunika kuleza mtima, chifukwa pali zinthu zingapo zimene zimaoneka ngati kubisa koma mankhwala ake ndi osiyana. Ngati manambala a mizere ali obiriwira ngati thambo m'malo mwa akuda, ndipo pa mutu wa kolamu ina pali kachizindikiro konga fanulo, ndiye kuti Filter ikugwira ntchito, ndipo mizereyo idzabwera pokhapokha mutapita ku Data n'kudina Clear. Ngati kumanzere kwa manambala kuli timabokosi ta + ndi manambala 1, 2, 3 pakona, mizereyo inaikidwa m'magulu ndi Group, ndipo kudina nambala yaikulu kwambiri kumatsegula magulu onse. Ngati tsamba likuyambira pa mzere 12 ndipo likukana kukwera m'mwamba, n'kutheka kuti wina anadina Freeze Panes atatsika kale pansi, choncho sankhani Unfreeze Panes pansi pa View. Chovuta kwambiri kuchizindikira ndi mzere umene wina anaufinya ndi mausi mpaka kutsala kachidutswa kochepetsetsa. Kwa Excel mzere wotero si wobisika, n'chifukwa chake Unhide imangoudutsa. Sankhani tsamba lonse, pitani ku Row Height n'kulemba 15, koma muchite izi pa kope lofufuzira lija, popeza mizere yonse idzafanana msinkhu, ngakhale imene inakulitsidwa dala.

Masamba athunthu amabisidwa podina batani lakumanja pa dzina la tsamba m'munsi n'kusankha Hide, ndipo Excel imafuna kuti patsale tsamba limodzi looneka. Pobweza, dinani batani lomwelo pa dzina la tsamba lililonse n'kusankha Unhide, ndipo mudzaona mndandanda wa masamba obisika. Mu Microsoft 365 mungasankhe angapo nthawi imodzi mutagwira Ctrl, koma mu Excel 2016 imene ili pa kompyuta ya ofesi yathu muziwabweza limodzilimodzi. Mawu akuti Unhide akakhala otuwa osadinika, musafulumire kunena kuti palibe chobisika. Zingatanthauze kuti fayilo inatsekedwa ndi Protect Workbook pansi pa Review, ndipo zikatero Hide ndi Rename amakhalanso otuwa. Zingatanthauzenso kuti masamba alipo koma anabisidwa mwa njira yachiwiri.

Njira yachiwiriyi ndi imene inandisautsa ine masiku awiri pamene ndinkayamba ntchito. Fomula ya mtengo inkaloza tsamba lotchedwa Mitengo_2023, koma tsambalo silinkaoneka m'munsi ndipo silinalinso pa mndandanda wa Unhide. Tsamba lililonse mu Excel lili ndi chikhalidwe chotchedwa Visible chimene chingakhale -1 kwa looneka, 0 kwa lobisidwa ndi Hide wamba, kapena 2 kwa lobisika kotheratu, chomwe chimalembedwa xlSheetVeryHidden. Kuti mudziwe msanga ngati lotero lilipo, lembani fomula iyi, imene inayamba mu Excel 2013 ndipo imawerenga masamba onse a m'fayilo mosasamala kuti anabisidwa motani:

```
=SHEETS()
```

M'fayilo yathu yankho ndi 9, pamene masamba ooneka ndi asanu ndi limodzi ndipo a pa mndandanda wa Unhide ndi awiri. Lotsalalo ndi Mitengo_2023. Kuti mulione, dinani Alt+F11, kenako Ctrl+G kuti mutsegule kawindo ka Immediate, mulembe mzere uwu n'kudina Enter:

```
For Each s In ActiveWorkbook.Sheets: Debug.Print s.Name, s.Visible: Next
```

Mayina onse atuluka, lililonse ndi nambala yake pambali. Kuti mubweze tsamba limene pambali pake pali nambala 2, lisankheni pa mndandanda wa kumanzere, dinani F4, ndipo pa Visible musankhe -1 - xlSheetVisible. Mukalitsegula mudzaona kuti mitengo yake ndi ya chaka cha 2023, ndipo fomula za pa tsamba la Malipiro zikuwerengerabe pa mitengo imeneyo. Zimenezi muzikonze musanalembe malipiro a mwezi uno.

Pali chida china chimene chimawerenga zobisika zonse m'malo mwanu. Pitani ku File, kenako Info, kenako Check for Issues, n'kusankha Inspect Document, ndipo chidzakuuzani kuchuluka kwa mizere, makolamu ndi masamba obisika. Ndikupemphani kuti mungowerenga zimene chapeza n'kutseka. Batani la Remove All limene lili pambalipo limafufuta, silibweza poyera, ndipo Undo nthawi zambiri sangakupulumutseni. Chidachi sichiona mawu olembedwa ndi mtundu woyera pa kabokosi koyera, kapena manambala opatsidwa kalembedwe ka ;;; kamene kamachititsa kabokosi kuoneka kopanda kanthu. Zoterezi mumazigwira podina kabokosiko n'kuyang'ana malo olembapo fomula, kapena posankha dera looneka lopanda kanthu n'kuona ngati Count kapena Sum yatuluka m'munsi mwa sikirini.

Chomaliza ndi kutumiza fayilo kunja kwa ofesi, ndipo pano ndili ndi maganizo amene sindisintha: kubisa ndi njira yochepetsera zodzaza m'maso, osati yosungira chinsinsi. Aliyense wolandira fayilo angathe kubweza makolamu G ndi H m'kamphindi n'kuwerenga ngongole za alimi athu. Ngakhale kukopera kumene kumanyenga, chifukwa mukasankha dera lokhala ndi mizere kapena makolamu obisidwa pamanja n'kuliika pa tsamba latsopano, zobisikazo zimapita nawo. Mukatha kusankha dera, dinani Alt+; kuti patsale zooneka zokha, kenako mukopere. Vutoli lagwerapo ngakhale mabungwe aakulu. Mu 2008, pamene banki ya Barclays inkagula mbali ya katundu wa Lehman Brothers ku America, mndandanda wa makontirakiti unatumizidwa mu Excel uli ndi mizere yobisika, ndipo wa ku ofesi ya maloya atausintha n'kuusandutsa PDF mizereyo inatulukira, moti makontirakiti 179 amene banki sinkawafuna analowa m'chikalata chopita kukhoti.

Mukamaliza kufufuza, onjezerani tsamba latsopano kutsogolo kwa fayilo yeniyeni, mulitche Zobisika, ndipo mulembepo dzina la tsamba lililonse, mizere kapena makolamu obisika, zimene zilimo ndi chifukwa chake. Mizere 41 mpaka 46 muichotse pa Zogula n'kuiika pa tsamba lakelake la soya wobwezedwa, kuti chiwerengero cha pansi chifike pa 17,200 chimene chikugwirizana ndi mabuku a kunkhokwe. Makolamu G ndi H akhale obisika monga alili, koma mndandanda wopita kwa ogula mbewu muzipanga mu fayilo ina yopanda makolamu amenewo. Ndidzafika ku ofesi Lachinayi m'mawa kuti tidzaone limodzi fomula za pa Malipiro musanasindikize.