Kalata Yopempha Thandizo pa Phunziro la Fizikisi

Fomu 4B,
Lolemba, 10 Malichi.

Kwa Aphunzitsi a Banda,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lanu. Ndasankha kulemba kalata chifukwa Lachisanu lija, mutandipatsa zotsatira za mayeso a moko, ndinafika mpaka pakhomo la ofesi ya aphunzitsi koma mawu anandithera, ndinabwerera.

Pa fizikisi ndapeza malikisi 31 pa 100. Akanakhala mayeso a MANEB, imeneyi ikanakhala 9. Chandipweteka kwambiri n'chakuti ndinawerenga ndithu. Milungu itatu yathunthu ndinkadzuka 4 koloko m'bandakucha, kuyatsa kanyale ka sola, n'kumaloweza mafomula mpaka nthawi yokatunga madzi. Kope langa la notsi ndikhoza kulinena pamtima. Koma nditakhala pansi m'chipinda cha mayeso, mafunso aja anali ngati achilendo. Fomula ndikuidziwa, koma kuti ndione funso n'kuzindikira kuti apa pakufunika iyi, mutu unkangoima.

Kunyumba ndayesa kubwereza mafunso amene ndikuwakumbukira, ndipo zina ndaziona ndekha. Pa funso la marezisita awiri olumikizidwa mbali ndi mbali, ya 6 Ω ndi ya 3 Ω, ndinayamba bwino ndi 1/R = 1/6 + 1/3, ndinapeza 1/2. Kenako ndinalemba kuti yankho ndi 0.5 Ω, kuiwala kutembenuza kuti likhale 2 Ω. Pa lamulo lachiwiri la Newton, F = ma, ndinaika 500 g momwemo osasandutsa kukhala 0.5 kg, moti m'malo mwa 2 N ndinapeza 2000 N. Chomvetsa chisoni n'chakuti nambala yaikulu choncho sinandidabwitse n'komwe. Chimodzimodzinso pa funso la mpweya, ndinagwiritsa ntchito 27 °C m'malo mwa 300 K.

Izi ndi zitatu zokha, aphunzitsi, ndipo sizingandidyere malikisi 69. Kumene ena onse anathera sindikukuona, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu.

Pempho langa loyamba ndi lakuti, ngati n'kotheka, mundipatse mphindi makumi awiri kapena atatu tione limodzi pepala langa. Ndikufuna mundiuze mosandinyengerera kuti ndi pati pamene ndinalakwa chifukwa chosamvetsa phunzirolo, ndipo ndi pati pamene ndinangophonya masamu kapena kulephera kufotokoza m'Chingerezi. Mafunso ofuna kufotokoza chifukwa chimene chinthu chimachitikira ndinalemba mizere yambiri, komabe ndikukayika ngati ndinayankha zimene munafunsa.

Pulakitiko ndiyo ikundiopsa koposa. Pa pendyulamu ndinawerenga bwinobwino maulendo 20, koma manja ankanjenjemera pa sitopuwotchi, ndipo galafu yanga inapanikizika pakona pa pepala chifukwa sindinadziwe kusankha sikelo. M'kalasi tikamachita zoyeserera timakhala anthu khumi pa tebulo limodzi, ndipo ine ndazolowera kukhala wolemba manambala, anzanga ndiwo amagwira zipangizo. Kunena zoona, ametala ndinailumikiza ndekha koyamba pa tsiku la mayesolo. Mukandilola kulowa mu labu ngakhale kamodzi pa mlungu, ndi anzanga awiri amene ali ndi vuto lomweli, tidzasamala zipangizo ndi kuzibwezera m'malo mwake.

Pempho lachiwiri ndi la ndondomeko yobwereza. Ndikamawerenga ndekha ndimathamangira mitu imene ndimaikonda, monga ya mafunde ndi kuwala, n'kumazemba magetsi ndi maginito. Ndikupempha mundiikire mitu m'dongosolo lake, woyamba ndi wotsatira, ndi mafunso a MANEB a zaka zam'mbuyo oti ndiziyankha pa mutu uliwonse. Ndili ndi ola limodzi m'mawa uliwonse, ndiponso Lachiwiri ndi Lachinayi tikaweruka mpaka 4 koloko. Kupitirira apo mdima umandipeza m'njira. Loweruka m'mawa ndimathandiza amayi kugulitsa tomato kumsika, koma masana onse ndi anga. Lolemba lililonse ndizibweretsa kope la zimene ndayankha, ndipo ngakhale mutachonga mafunso awiri okha, kwa ine n'zokwanira. Ndikudziwa kuti muli ndi makalasi ambiri.

Anzanga ena andilangiza kuti ndingoisiya fizikisi, ndilimbikire maphunziro ena asanu ndi limodzi oti adzawerengedwe pa mapointi. Ine mtima ukukana. Ndimafuna kudzaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku MUBAS, ndipo popanda kiredi ya fizikisi khomo limenelo n'lotseka. Amayi sindinawauzebe za 31 uja. Ndikufuna powauza ndikhale nditagwira ndondomeko m'manja, aone kuti sindinagwe mphwayi.

Mawa pa buleki ndidzafika ku ofesi kudzamva tsiku limene mungandipatse. Ndidzatenga kope, kakyuleta ndi mapepala a galafu.

Ine wophunzira wanu,
Tadala