Yankho pa dandaulo lanu la nyumba ya ku Chitakale

Luchenza, 6 Okutobala 2025

Mayi a Tadala,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kalata yanu ya pa 2 Okutobala ndinailandira, ndipo nditabwera Loweruka lija ndinadzionera ndekha kuti zonse mwalembazo n'zoona. Kuchipinda kwa ana malata anayi adyeka ndi dzimbiri mpaka kuwala kukulowa, ndipo thabwa limodzi la denga ladyedwa ndi chiswe moti nditalibaya ndi chala linangoyoyoka. Soketi ya kuchipindako ili pakhoma lomwe madzi amatsikira, ndipo imeneyi ndiyo yandidetsa nkhawa kwambiri. Pepani ndithu. Munthu wolipira lendi pa nthawi yake ngati inu sayenera kumatchera mabeseni m'nyumba.

Mvula ya kuno ku Mulanje mukuidziwa, ndiye ndikufuna denga lithe Novembala asanafike.

Lachinayi pa 9 Okutobala kubwera wamagetsi 8 koloko m'mawa kudzachotsa soketi ija n'kuika yatsopano kukhoma louma. Kufikira tsikulo, chonde musalumikizepo chilichonse, ngakhale tchaja ya foni, ndipo ana muwauze.

Malata, matabwa ndi misomali ndidzagula Loweruka pa 11 n'kuzisiya kwanuko masana. Kalipentala adzayamba Lolemba pa 13 ndi kusasula mbali yowonongekayo, kusintha thabwa lija ndi kupaka mankhwala a chiswe pa matabwa onse, osati lodyedwa lokhalo, chifukwa chiswe chikalowa sichithera pamodzi. Wandilonjeza kuti mbali imene wasasula adzafolera tsiku lomwelo, simudzagona denga lili pululu. Pa 14 adzakhoma misomali yonse imene yakhwepa. Pa 15 ndi Tsiku la Anakubala, sindikufuna phokoso la hamala pakhomo panu, choncho siling'i adzaika pa 16. Katundu wa kuchipinda kwa anako musunthire pabalaza Lamulungu madzulo. Mphwanga adzabwera kudzakuthandizani kunyamula bedi.

Mpopi wa panja pulambala adzausintha Loweruka pa 18. Popeza kudonthako si vuto lanu, K12,000 imene mwaonjezera pa bilu ya madzi mudzachotse pa lendi ya Novembala. Mungondisungira lisiti.

Za penti ndinene mosabisa: mwezi uno sindikwanitsa, ndalama zonse zapita kudenga. Ndidzapaka chipinda cha ana ndi pabalaza pa 29 Novembala. Lendi sikwera chifukwa cha ntchito imeneyi, ndipo amisiri musawapatse ndalama iliyonse, onse ndikuwalipira ndine.

Ndidzabweranso pa 25 Okutobala kuti tidzayendere ntchito yonse limodzi. Ngati mmisiri wina sanafike pa tsiku lake, mundiimbire tsiku lomwelo, ndipo ngati pali tsiku limene simudzakhalapo, mundiuze pofika Lachitatu kuti tisinthe.

Ndine wanu,
Bambo a Chikondi
Mwini nyumba